Kulowetsa magetsi m'nyumba: njira yake, mapepala ake ndi komwe ndalama zimapita

Anthu ambiri akafuna kulowetsa magetsi m'nyumba amayamba ndi funso lakuti, "Kodi ku ESCOM ndikalipira zingati?" Funsoli ndi loyenera, koma si ndilo lofunika kuyamba nalo. Loyamba n'lakuti: polo ya magetsi imene ili pafupi ndi nyumba yanga ili pamtunda wotani, nanga ndi polo ya mtundu wanji? Yankho la funso limeneli ndi limene limasiyanitsa munthu amene alipire ndalama yodziwika kale ndi mnzake amene apatsidwe mtengo wa mamiliyoni, ngakhale nyumba zawo zili m'mudzi umodzi ndipo zinamangidwa mofanana.

Tulukani panja muyang'ane mapolo. Pali mapolo aatali amene amanyamula mawaya atatu pamwamba, otalikirana bwino, okhala pa timbale tadothi kapena tagalasi. Amenewo ndi magetsi amphamvu kwambiri, mavolti 11,000 kapena 33,000, ndipo salowa m'nyumba mwachindunji ngakhale atadutsa pakhomo penipeni. Ayenera kuyamba alowa mu thiransifoma kuti atsitsidwe kufika pa mavolti 230 amene babu ndi wailesi zimagwiritsa ntchito. Mapolo amene ali ndi ntchito kwa inu ndi aja ochokera ku thiransifoma, amene mukuona mawaya ake akutsikira m'nyumba za anzanu. Munthu amene akunena kuti "magetsi angodutsa pamwamba pa nyumba yanga" pomwe akuloza laini ya mawaya atatu ija, akhoza kukhala kutali ndi magetsi kuposa amene ali kuseri kwa msika.

Amene mukhale mukuyankhula nawo ndi awiri. Loyamba ndi bungwe la ESCOM, limene limagawa magetsi ndi kulumikiza makasitomala. Kuyambira 2017 ntchito yopanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira inapita ku EGENCO, kotero kumeneko kulibe nkhani yanu. Lachiwiri ndi bungwe la MERA, limene limayang'anira nkhani za mphamvu m'dziko muno. Limavomereza mitengo, limapereka ziphaso kwa amisiri oika mawaya m'nyumba, komanso limamva madandaulo a anthu amene sanathandizidwe bwino.

Za m'nyumba ndi zanu

ESCOM imabweretsa magetsi mpaka pa mita. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, zonse ndi udindo wanu ndi ndalama zanu: mawaya, mapaipi oyendamo mawayawo, maswichi, masoketi, bokosi la mabuleka, ndi chitsulo cha ethi chimene chimakhomedwa pansi. Kwa mabanja ambiri, wayaringi imeneyi ndi imene imadya ndalama zambiri kuposa za ku ESCOM, ndipo ndi pamene anthu amafuna kudulira njira.

Lamulo limafuna kuti woika mawaya akhale ndi chiphaso cha MERA chimene chikugwirabe ntchito. Mnyamata wa m'dera amene "amadziwa za magetsi" akhozadi kudziwa, koma dzina lake silingalembedwe pa mapepala amene ESCOM ikufuna. Chimene chimachitika n'chakuti ntchito amagwira iyeyo, kenaka mumayamba kusakasaka wa chiphaso woti angosaina ndi kudinda. Mumalipira kawiri, ndipo amene wasainayo sanaone chimene chili m'kati mwa khoma. Tsiku limene waya adzapse kudenga, wosaina adzati sindinagwire ndine, wogwira adzati sindinasaine ndine. Choncho musanagwirizane mtengo, muuzeni mmisiriyo kuti, "Bambo, tione kaye chiphaso chanu." Yang'anani dzina, nambala ndi tsiku limene chikuthera, ndipo chijambuleni ndi foni. Mmisiri weniweni sakwiya ndi pempho limeneli.

Pogula zipangizo, pitani naye limodzi kapena gulani nokha potsatira mndandanda umene walemba. M'nyumba wamba, mababu amayendera waya wa mamilimita 1.5, masoketi wa 2.5, ndipo kuka yaikulu imafuna waya wakewake wonenepa, kawirikawiri wa 6, ndi buleka yakeyake. Mmisiri akakuuzani kuti waya wa 1.5 akwana nyumba yonse, dziwani kuti akukupulumutsirani ndalama lero ndi kukusiyirani moto. Palinso mawaya achinyengo pamsika, ofiira kunja ngati kopa koma m'kati ndi chitsulo china. Palani pang'ono ndi mpeni nsonga ya wayayo. Akaoneka woyera ngati siliva, musiyeni. Waya wotchipa kwambiri kuposa m'masitolo ena onse ali ndi chifukwa chake.

Zinthu ziwiri zimene sizioneka kukongola kwake koma musalole kuti zisowe ndi ethi ndi buleka imene imazimitsa magetsi akayamba kuthawira kumene sakuyenera. Ethi ndi waya wobiriwira ndi chikasu amene amachoka m'masoketi onse kukathera pa chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Firiji ikawonongeka m'kati, magetsi amatsata njira imeneyo m'malo modutsa m'thupi la mwana amene wagwira chitseko chake ali chosavala nsapato. Chitsulocho chiyenera kulowa pansi mokwanira. Kuchidula pakati chifukwa nthaka yalimba ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyumba zimalepherera poyesedwa.

Mapepala

Mawaya akatha, mmisiri amayesa ntchito yake ndi makina ndi kulemba pepala lotsimikiza kuti yatha ndipo ili bwino. Pepalalo, pamodzi ndi fomu yopempha magetsi imene mumatenga ku ofesi ya ESCOM ya m'dera lanu, ndiwo maziko a pempho lanu. Pafomupo pali mbali yanu ndi mbali ya mmisiri. Tenganinso chiphaso chanu cha unzika ndi fotokope yake, nambala ya foni imene imakhala yotsegula, umboni wakuti nyumbayo ndi yanu kapena kuti mwini wake wavomera, ndi mapu osonyeza njira yofikira pakhomo.

Mapuwa anthu amawapeputsa, koma ambiri a ife tikukhala m'malo opanda maina a misewu kapena manambala a nyumba. Amene abwere kudzayeza malo sakukudziwani. Jambulani msewu waukulu, sukulu kapena tchalitchi chodziwika, mjigo, pokhotera, kenaka nyumba yanu. Lembaniponso nambala ya mita ya nyumba yoyandikana nayo imene ili kale ndi magetsi, ndipo ngati polo yapafupi ili ndi nambala, ilembeni. Zimenezi zimawathandiza kudziwa thiransifoma imene mudzadyeko asananyamuke n'komwe.

Umboni wa umwini umasiyana ndi malo. M'tauni ukhoza kukhala pepala la lizi, kalata ya khonsolo kapena ya bungwe limene linakugawirani puloti, kapena pangano logulitsirana. Pamalo a makolo, kalata ya amfumu ndi imene anthu amagwiritsa ntchito. Funsani ku ofesiko kuti alandira uti musanawononge ndalama ya thiransipoti kawiri.

Dzina lolembedwa pafomu ndi nkhani yofunika kuiganizira mofatsa. Mita imamangiriridwa ku nyumba, ndipo ndi katundu wa ESCOM. Simungaizule n'kupita nayo pamene mukusamuka. Ngati muli pa lendi ndipo mwatopa ndi kandulo, n'zotheka kugwirizana ndi landilodi kuti mulowetse magetsi ndi ndalama zanu, koma lemberanani pangano musanagule ngakhale swichi imodzi: ndalama zonse ndi zakuti, zidzadulidwa pa lendi mwezi ndi mwezi motere, ndipo mukatuluka zisanathe, zotsalazo adzabweza motere. Pakhale mboni. Popanda pepala limeneli, chimene chimachitika n'chodziwika: nyumba ikangoyaka, lendi imakwera chifukwa tsopano ndi nyumba ya magetsi, ndipo amene analipira ndi amene akuuzidwa kuti ngati sakwanitsa asamuke. Chimodzimodzinso pa nyumba ya masiye imene abale sanagawane: gwirizanani dzina lolembedwa, kuopa kuti lisiti la magetsi lidzasanduke umboni pa mkangano wa malo.

Mukapereka mapepala, musachoke opanda nambala ya pempho lanu kapena kope lodindidwa tsiku. Nambala imeneyo ndiyo imene mudzatchule nthawi iliyonse mukamafunsa pamene nkhani yafika.

Kukula kwa magetsi amene mukupempha

Fomu imafunsa zimene mudzagwiritse ntchito. Tiyerekeze nyumba ya zipinda zitatu ku Chinsapo. Mababu 8 a mawati 10 ndi mawati 80. Kanema ndi choimbira, tinene 150. Firiji 150. Simbi 1,200. Ketulo 2,000. Hotipuleti ya mbale ziwiri 2,000. Zonse zitayaka nthawi imodzi ndi mawati pafupifupi 5,600, ndipo mukagawa ndi 230 mupeza maampu 24 ndi pang'ono. Nyumba yotere imakwanira bwinobwino pa singo fezi, magetsi a mawaya awiri amene nyumba zambiri zili nawo. Onani kuti mababu onse pamodzi sakufika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo khumi a simbi. Zimene zimalemera ndi zotenthetsa.

Nenani zoona pafomupo. Ngati cholinga chanu n'kudzaika chigayo kuseri kwa nyumba, kapena makina akuluakulu owotcherera zitsulo, nenani pachiyambi. Chigayo chimafuna fili fezi, ya mavolti 400, ndipo mtengo wolumikizira ndi mtengo wa mayunitsi ake si wa m'nyumba. Kulembetsa ngati nyumba n'kumayendetsa bizinesi yolemera kumagwetsa buleka, kumazimitsa mababu a oyandikana nawo, ndipo zikadziwika mumalipitsidwa.

Kotesheni, ndi chifukwa chake imasiyana

Pempho likalandiridwa, antchito a ESCOM amabwera kudzaona malo: mtunda wochokera pa polo, njira imene waya adzadutse, ndi ngati thiransifoma ingathe kunyamulanso nyumba ina. Kenaka mumapatsidwa kotesheni, pepala lonena ndalama zoti mulipire.

Ngati nyumba ili pafupi ndi polo moti waya mmodzi wotsikira akwana, mumalipira mtengo wokhazikika. M'zaka zapitazi, pa nthawi ya pulojekiti yolumikiza anthu ambiri imene Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza mu 2019, mtengo wa singo fezi unali K93,200, ndiye kuti K80,000 kuphatikizapo msonkho wa 16.5 pa 100 iliyonse. Pansi pa pulojekitiyo, imene inkayang'ana nyumba zosapitirira mamita 500 kuchokera pa thiransifoma, anthu ankaloledwa kuyamba ndi K17,475, ndipo K75,725 yotsalayo inkadulidwa pang'onopang'ono pogula mayunitsi. Mitengo imeneyi imasintha pamodzi ndi kwacha ndi msonkho, choncho itengeni ngati chithunzi chabe cha kukula kwa ndalamayo. Mtengo umene ukukumangani ndi umene walembedwa pa kotesheni yanu. Koma phunziro lake likadalipo: funsani ngati pali dongosolo lolipira pang'onopang'ono, monga lija linadziwika ndi dzina lakuti Ndawala, ndipo mukalowamo dziwani kuti ndi ngongole. Ambiri amadabwa akagula magetsi n'kulandira mayunitsi ochepa kuposa a mnzawo, n'kumati mita ikuba, pomwe ndi ngongole ija ikudulidwa. Lisiti la mayunitsi limaonetsa zimene zadulidwa, liwerengeni.

Tsopano tiyerekeze kuti nyumba ya ku Chinsapo ija ili mamita 200 kuchokera pa polo yomaliza. Waya wotsikira m'nyumba sangakokedwe mtunda wonsewo: amalendewera mpaka kufika pamene galimoto kapena munthu wonyamula nsungwi angamukhudze, ndipo magetsi amafooka akamayenda mtunda wautali pa waya wochepa. Pafunika mapolo anayi kapena asanu, mawaya ake, zomangira, mawaya okokera polo yomaliza kuti isagwe, galimoto ndi antchito. Zonsezi zimalowa mu kotesheni yanu, ndipo apa mtengo wokhazikika uja umangokhala kachigawo kakang'ono. Ngati thiransifoma yadzaza kapena ili kutali kwambiri moti pafunika ina, ndalama yake banja limodzi silingaikwanitse mosavuta.

Pali mfundo imene imawawa koma ndi bwino kuidziwiratu. Mapolo amene mwalipirawo sakhala anu. Amakhala mbali ya laini ya ESCOM, imene idzawasamale ndi kuwasintha akawola, ndipo mnzanu amene amange mawa pafupi ndi polo yachitatu akhoza kulumikizidwa pomwepo. Simungamuletse, ndipo kumulipiritsa nokha "ya polo" kulibe maziko. Nzeru yake n'kuyamba ndi kuyenda khomo ndi khomo musanapemphe. Mukapezeka mabanja asanu ndi limodzi a mumzere umodzi, pemphani nthawi imodzi, aliyense ndi fomu yake, ndipo mugawane mtengo wa laini. Ndalama zosonkhanazo zisakhale m'thumba la munthu mmodzi kwa miyezi. Zilembedwe m'buku, ndipo popita kukalipira papite anthu awiri.

Kumidzi kumene kulibiretu laini, njira ndi ina. Pulogalamu ya MAREP, imene imayendetsedwa ndi boma kudzera mu unduna woona za mphamvu, ndi imene imafikitsa magetsi m'malo a malonda ndi m'midzi, ndipo nkhani yake imadutsa m'makomiti a chitukuko ndi ku khonsolo. Fomu ya munthu mmodzi siingakoke laini ya makilomita angapo.

Yang'ananinso kumene waya adzadutse. Ngati polo iyenera kuima m'munda wa mnzanu, kapena waya adutsa pamwamba pa puloti yake, kapena mango ake ayenera kusadzidwa, kambiranani naye pasadakhale ndipo chilolezo chake chilembedwe. Antchito akafika ndi mapolo n'kupeza mwini malo waima ndi chikwanje akuti pano ayi, amabwerera, ndipo tsiku lanu lapita.

Kulipira

Kotesheni imakhala ndi nthawi yake; mukachedwa, mitengo ya zipangizo ikasintha, amawerengeranso. Lipirani ku kauntala ya ESCOM kapena ku akaunti ya banki ya kampaniyo imene yalembedwa pa pepalalo, ndipo lisiti likhale ndi dzina lanu ndi nambala ya pempho lanu. Palibe ndalama ya ESCOM imene imalipidwa m'manja mwa munthu pakhomo panu, kapena kutumizidwa ku nambala ya foni ya munthu.

Apa ndi pamene madobadoba amadyera. Amakupezani pageti pa ofesi kapena amakuimbirani foni, amadziwa mawu onse a ntchitoyi, ena amavala ndi ovolosi yomwe. "Bwana, mamita avuta, koma ndili nayo imodzi, mungopanga ya fanta mawa muyatsa." Taganizani chimene mukugula. Mita imene yabwera njira imeneyi kawirikawiri ndi yozulidwa kwina kapena yolembedwa dzina la munthu wina. Ikhoza kukhala ndi ngongole imene izidzadulidwa pa mayunitsi anu. Tsiku limene oyendera adzaipeze pa nyumba yosayenera, adzadula magetsi, adzakulipitsani, ndipo mulibe pepala lililonse loonetsa. Wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa lamulo. Wantchito weniweni akakupemphani kangachepe kuti fayilo yanu iyende, mukhoza kukanena kwa akuluakulu ake kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Njira ina yachidule imene yafala m'makwalala ndi kukoka waya kuchokera kwa oyandikana nawo, n'kumawapatsa ndalama pamwezi. Ndi yoletsedwa kwa onse awiri, ngakhale magetsiwo akudutsa pa mita ndipo akulipiridwa. Waya wake amayenda pansi pa dothi losaya kapena pampanda wa malata, wopanda ethi, wolumikizidwa ndi mapepala a pulasitiki, ndipo nyengo ya mvula ndi ana amene amayamba kumupeza. Lamulo la magetsi linasinthidwa mu 2024 ndipo zilango za kuba ndi kuwononga zipangizo za magetsi zinakwera kwambiri.

Kuyendera, kudikira ndi kudandaula

Magetsi asanalowe, wayaringi yanu imayenera kuvomerezedwa kuti ili bwino. Pa tsiku loyendera, mmisiri wanu akhalepo, zipinda zonse zikhale zotsegula, ndipo pasakhale waya wongolendewera wopanda soketi kapena chotsekera. Nyumba ikalephera, pemphani kuti zolakwikazo zilembedwe. Kukonza zimenezo ndi udindo wa mmisiri, n'chifukwa chake ndi bwino kusunga gawo lomaliza la malipiro ake mpaka nyumba itapambana. Mukamulipira yonse tsiku limene wamanga soketi yomaliza, foni yake imayamba kusapezeka.

Kudikira ndiye gawo limene limatopetsa. Si chinsinsi kuti m'zaka zambiri anthu olipira kale akhala akudikira miyezi, ena kupitirira chaka, makamaka pamene mamita, mawaya ndi mathiransifoma, zimene zimagulidwa kunja, zasowa. Koma mukalipira simulinso wopempha chifundo. Ndinu kasitomala amene wagula ntchito. Tsiku lolipira funsani kuti malinga ndi lonjezo lawo kwa makasitomala ntchitoyo iyenera kutha m'masiku angati, ndipo lembani yankholo ndi dzina la ofesi imene yakuuzani. Nthawiyo ikadutsa, lekani kungopita kukafunsa pakamwa. Lembani kalata yaifupi kwa mkulu wa ofesiyo: dzina, nambala ya pempho, tsiku limene munalipira, ndalama zake, ndi pempho lakuti akuuzeni chimene chachedwetsa ndi tsiku limene abwere. Pangani makope awiri, limodzi adinde likhale lanu. Ngati palibe yankho, tengani kope lodindidwalo, kotesheni ndi lisiti mupite nazo ku MERA. Kumeneko funso loyamba limakhala lakuti kodi munadandaula kale kwa okugulitsani magetsiwo, ndipo kalata yodindidwa ija ndiyo yankho lanu. Ofesi ya Ombudsman nayonso imamva madandaulo a kuchedwetsedwa kopanda chifukwa m'mabungwe a boma.

Tsiku lolumikiza likafika, simuyenera kulipira antchitowo kalikonse, munalipira kale. Mamita a masiku ano ndi olipiriratu, ndipo ambiri amaikidwa pamwamba pa polo, inu n'kupatsidwa kabokosi ka mabatani kolowetsera manambala m'nyumba. Asanachoke, onetsetsani kuti nambala ya mita imene akupatsani ikufanana ndi imene kabokosiko kakuonetsa, chifukwa pa polo imodzi pamakhala mamita angapo ndipo kusokoneza n'kosavuta. Gulani mayunitsi ochepa pa Airtel Money kapena pa Mpamba iwo ali pomwepo. Uthenga wake uonetse dzina lanu, osati la munthu wina, ndipo manambala 20 amene mwalandirawo alowe n'kuwonjezera mayunitsi. Dzina likabwera lachilendo, musadikire kuti zidzakonzeka zokha; bwererani ku ofesi ndi lisiti lanu sabata yomweyo kuti akonze.